Msewu wako ndiwo umasankha giyabokosi

Pakati pa madalaivala a msinkhu wanga pali chikhulupiriro chimene sichifuna kufa: galimoto yeniyeni ndi ya manyuwo, yosintha magiya ndi dzanja, pamene ya otomatiki ndi ya anthu aulesi komanso manda a ndalama. Achinyamata nawo ali ndi chawo. Iwo amati manyuwo ndi ya makedzana, yongotopetsa mwendo wamanzere popanda phindu. Ine ndagwira chiwongolero zaka zoposa 25, ndikuyendetsa magalimoto a kuntchito m'misewu ya fumbi ndiponso yangayanga m'tauni ya Blantyre, ndipo ndaona kuti mbali zonse ziwiri zimakangana pa funso losakwanira. Munthu amene akugula galimoto koyamba asayambe ndi kufunsa kuti yabwino ndi iti. Ayambe wadzifunsa kuti adzayenda msewu uti tsiku ndi tsiku, nanga giyabokosiyo ikadzafa adzakhala ndi ndalama zingati m'manja, ndipo adzapita nayo kwa ndani.

Tiyambe ndi mmene msika ulili, chifukwa nthawi zambiri msikawo umakhala utatisankhira kale. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene amayenda m'Malawi ndi ogwirapo kale ntchito ku Japan. Amatsika m'sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ena amadzera ku Durban kapena ku Beira. Amatiyenera chifukwa ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, a ku Zambia, a ku Mozambique, a ku Zimbabwe ndi a ku South Africa. Koma ku Japan pafupifupi aliyense amagula otomatiki. Choncho munthu akamafuna Vitz, Passo, Note, Fit kapena Sienta, mwa magalimoto khumi amene adzaone, mwina sadzapezapo ngakhale imodzi ya manyuwo. Ya manyuwo imene idzapezeke kawirikawiri imakhala yakale kwambiri, kapena yoti inagwirapo ntchito yonyamula anthu mpaka kutheratu mphamvu. Amene ali ku Joni zinthu n'zosiyana, poti kumeneko magalimoto ang'onoang'ono a manyuwo ndi ochuluka ndipo zipangizo zake zili paliponse.

Chachiwiri chimene ogula koyamba ambiri sauzidwa n'chakuti dzina lakuti otomatiki likuphimba zinthu zitatu zosiyana. Pali otomatiki yachikale, imene ili ndi magiya enieni, kawirikawiri anayi, ndipo injini imalumikizana nawo kudzera m'oyilo wozungulira m'chibumi chachitsulo. Ukamayenda umaimva ikusintha giya, kamodzi, kawiri, katatu. Pali ina yotchedwa CVT, imene ilibe magiya owerengeka. M'kati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa magudumu awiri amene amafutukuka ndi kupanikizana, motero galimoto imangothamanga mosalala osamveka kusintha. Yachitatu ndi ya makilatchi awiri oyendetsedwa ndi kompyuta, monga imene ili mu Honda Fit yoyendera mafuta ndi magetsi yomwe.inatuluka mu 2013, imene kampani yake inaiitanitsa kangapo ku Japan kuti ikakonzedwe. Zitatuzi zimafa mosiyana ndipo zimadya ndalama mosiyana.

Ngakhale dzina la galimoto silikuuza zonse. Vitz yoyamba, ya zaka za pakati pa 1999 ndi 2005, nthawi zambiri imakhala ndi otomatiki yachikale ya magiya anayi, pamene yotsatira yake, kuyambira mu 2005, imakhala ndi CVT. Probox inayamba mu 2002 ndi magiya anayi a otomatiki kapena asanu a manyuwo, koma kuyambira mu 2014 inasamukira ku CVT. Ndiye wina akakuuza kuti mnzake wayenda ndi Probox zaka khumi osatsegula giyabokosi, funsa kuti ndi ya chaka chiti, chifukwa mwina akukamba za makina ena osati amene iwe ukufuna kugula.

Kuti zimenezi zimveke bwino, ndifotokoze mmene tinasankhira galimoto ya mwana wa mlongo wanga. Iye ndi namwino, amakhala ku Bangwe ndipo amagwira ntchito m'tauni ya Blantyre. Anasunga ndalama zaka zinayi, kuwonjezera ndi ngongole ya kuntchito, ndipo zinangokwana galimoto imodzi yaing'ono yoti yayenda kale m'Malawi muno. Ngongoleyo inali yoti azibweza zaka zitatu, kutanthauza kuti galimoto ikanafa m'chaka choyamba, akanamalipirabe chinthu chongokhala pa njerwa kuseri kwa nyumba. Atandifunsa kuti, "Amalume, ndigule iti?" sindinamuyankhe za galimoto. Ndinamuuza kuti atenge pepala alembe maulendo ake a mwezi wathunthu.

Zimene analemba zinali zomveka. Masiku 22 pa mwezi amapita ku ntchito n'kubwerera, ndiye kuti maulendo 44 odutsa m'Limbe ndi mumsewu wa Chipembere, ambiri mwa iwo pa nthawi imene magalimoto amathithikana. Mtunda wake si wautali, koma ndi wa ima-nyamuka, ima-nyamuka, ndipo Blantyre ndi mzinda wa zitunda, moti malo ambiri oimapo ndi otsetsereka. Kamodzi pa mwezi amatsikira ku Chikwawa kukaona mayi ake, ulendo wa makilomita pafupifupi 50 wodutsa m'zikhotakhota za phiri lotsikira ku chigwa cha Shire, n'kumalizira ndi kamsewu ka fumbi ka makilomita ochepa. Maulendo 44 a m'tauni, umodzi wokha wa kumudzi. Anthu ambiri amagula galimoto poganizira ulendo umodziwo, n'kuiwala 44 aja.

Mumdipiti wa magalimoto, manyuwo imavutitsa zinthu ziwiri, mwendo ndi kilatchi. Kilatchi ndi mbale yokhala ndi zikopa zolimba imene imapanikizidwa pakati pa injini ndi giyabokosi. Nthawi iliyonse ukamanyamuka, mbaleyo imakhuzika pang'ono isanagwire, ndipo kukhuzikako ndiko kumaidya. Pamsewu wautali ukhoza kuyenda ola lathunthu osaiponda. Pakati pa Limbe ndi Chichiri m'mawa ukhoza kuiponda kambirimbiri. Dalaivala watsopano amawonjezera vuto chifukwa cha mantha obwerera m'mbuyo pachitunda: m'malo mokoka handibuleki, amaimitsa galimoto ndi kilatchi yoponda theka uku akuponda moto. Fungo lopserera limene limamveka pamenepo ndi ndalama zikupsa. Kilatchi imene phazi lodekha lingayende nayo makilomita oposa 100,000, phazi lamantha likhoza kuimaliza m'chaka chimodzi kapena ziwiri.

Komabe kufa kwa kilatchi ndi kufa kochenjeza. Imayamba kugwirira pamwamba, phazi litatsala pang'ono kuchoka. Kenako pokwera chitunda ndi giya yaikulu, injini imalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka. Zikatero umakhala ndi milungu ingapo yosonkhanitsa ndalama, bola uziyenda mofatsa. Posintha amagula zinthu zitatu pamodzi, mbale ija, chopanikizira chake ndi beling'i yake, ndipo makaniko aliyense wodziwa ntchito, kaya ku Ndirande, ku Nchalo kapena ku Ntaja, amatsitsa giyabokosi m'mawa n'kukupatsa galimoto madzulo kapena mawa lake. Giyabokosi ya manyuwo payokha siifa wamba. Ikakhala ndi oyilo ndipo mwini wake sakakamiza magiya, nthawi zambiri imakalamba pamodzi ndi galimoto.

Otomatiki ili ndi khalidwe lina. Mumdipiti siitopa ndipo siitopetsa, ndipo pachitunda chapakatikati imagwira yokha kwa kanthawi pamene phazi likuchoka pa buleki. Kwa munthu amene wagwira ntchito usiku wonse ataimirira m'chipatala, zimenezi si ulesi, chifukwa maganizo ake onse amakhala pa njinga za kabaza ndi maminibasi oima paliponse. Koma walira mvula walira matope. Otomatiki imatha kuyenda zaka zambiri osapempha kanthu kupatula oyilo, kenako tsiku lina n'kufa kamodzin'kamodzi. M'kati mwake muli timakilatchi tambiri, timavavu ndi tinjira ta oyilo tating'ono ngati mitsempha, ndipo amakaniko otha kuitsegula n'kuibwezera bwino ndi owerengeka, ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. CVT ndiye amaiopa kwambiri. Chimene chimachitika kawirikawiri n'kugula giyabokosi ina yathunthu yochotsedwa m'galimoto ina, imene mbiri yake palibe akuidziwa.

Ndinapita naye kwa makaniko amene amandikonzera magalimoto kuyambira kale, kuti amve yekha mitengo. Sinditchula makwacha, chifukwa zipangizo zonsezi zimachokera kunja ndipo mitengo yake imathamanga ndi ndalama zakunja. Aliyense akukumbukira mmene zinthu zinadumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chimene sichisintha msanga ndi kusiyana kwa mitengoyo. Bamboyo anawerengera motere: ngati kusintha kilatchi ya Corolla, zipangizo ndi ntchito yomwe, tikuyesa mbuzi imodzi, ndiye kuti giyabokosi yachikale ya otomatiki yogwirapo kale ntchito, pamodzi ndi oyilo ndi kumangirira, inali mbuzi zitatu kapena zinayi tsiku limenelo, ndipo CVT inali kupitirira pamenepo. Anawonjezera kuti, "Mayi, ya kilatchi ndikupatsani mawu anga kuti iyenda. Ya otomatiki yogula pa shelefu, tonse timadziwa tikaimangirira."

Mawu amenewo ndiwo mtima wa nkhani yonse ya ndalama. Manyuwo imakudya pang'onopang'ono ndipo imayamba yagogoda. Otomatiki imakusiya nthawi yaitali koma ikabwera imafuna zambiri nthawi imodzi. Ndiye funso kwa wogula koyamba ndi lakuti: utagula galimotoyi, kodi utsala ndi ndalama zokwana giyabokosi ina, kapena ukhoza kuzisonkhanitsa m'miyezi yochepa? Ngati yankho ndi ayi, ndipo ndalama zonse zathera pogula, otomatiki yakale yosadziwika mbiri ndi juga. Mwana wa mlongo wanga anatsitsa mtengo wa galimoto imene ankafuna kuti apatule ndalama zimenezi, ndipo anaziika kwina kumene sangazitenge msanga.

Tinaona magalimoto atatu. Yoyamba inali Vitz ya 2008 ya CVT, yooneka bwino kunja ndi m'kati, ndipo iye anaikonda atangoiona. Ndinapempha mwini wake kuti tidzaipeze m'mawa isanalizidwe, chifukwa giyabokosi yodwala imabisa matenda ikatentha. Nditaliza injini ndinaponda buleki n'kuchotsa giya pa `P` kupita pa `D`. Giyabokosi yabwino imagwira pasanathe masekondi awiri, mofewa. Iyi inagwira bwino. Koma ponyamuka pang'onopang'ono pachitunda, galimoto inanjenjemera ngati ikudutsa pa malata, ndipo liwiro litakwera panamveka kulira kopyapyala kokhala ngati mluzu. Nditafunsa za oyilo, mwini wake anayankha monyadira kuti anasinthitsa chaka chatha ndi oyilo wofiira wa otomatiki. Pamenepo nkhani inatha.

Oyilo wa CVT si wofanana ndi wa otomatiki yachikale. Lamba wachitsulo uja amadalira oyilo wopangidwira ntchito imeneyo kuti agwire magudumu ake osaterereka. Ukathira wina, lambayo amayamba kuterera ndi kukanda magudumuwo, ndipo zokandikazo sizibwerera ngakhale utadzathira oyilo woyenera pambuyo pake. Toyota yokha ili ndi mitundu ingapo: pa zigubu pamalembedwa `T-IV` kapena `WS` za otomatiki ya magiya, ndi `TC` kapena `FE` za CVT. Makampani ena ali ndi yawoyawo. Magiyabokosi ambiri amene ndawaona atafa kuno sanafe ndi ukalamba ayi, anafa ndi oyilo wolakwika wothiridwa ndi munthu wa mtima wabwino, kapena ndi oyilo amene sanasinthidwepo chichokereni ku Japan.

Yachiwiri inali Corolla ya manyuwo, ndipo mumtima mwanga ndinkaifuna. Ndinaiyesa monga timayesera kilatchi: kukoka handibuleki, kulowetsa giya yachitatu, n'kumasula kilatchi pang'onopang'ono. Kilatchi yamoyo imazimitsa injini nthawi yomweyo. Iyi inazengereza kenako n'kuzima, kusonyeza kuti yatsala pang'ono. Zimenezo sizikanandiopsa, poti tikanangochotsera pa mtengo. Chimene chinandibweza chinali china. Giya yachiwiri inkakhadzula polowa, mipando inali yophwa, zitseko zakumbuyo zinali zolendewera, ndipo utsi wobiriwira unkatuluka poponda moto. Galimotoyi inali itanyamula anthu zaka zambiri. Giyabokosi yotsika mtengo kukonza ilibe phindu ikakhala m'galimoto imene china chilichonse chatha.

Yachitatu inali Corolla ya 2005 yochokera ku Japan, ya otomatiki yachikale ya magiya anayi. Iyi ili ndi kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, chinthu chimene ma CVT ambiri alibe. Titayenda nayo mpaka kutentha, ndinaimika pamalo athyathyathya injini ikulira, ndinasolola kachitsuloko n'kupukutira pa pepala loyera. Oyilo anali wofiirira pang'ono koma woonekera, wopanda fungo lopserera ndiponso wopanda tizitsulo tonyezimira. Wakuda wonunkha ngati ndiwo zopserera amanena kuti timakilatchi ta m'kati tapsa. Wooneka ngati mkaka wosakaniza ndi sobo amanena kuti madzi alowa, kaya kuchokera mu rediyeta kapena powoloka madzi akuya. Pamsewu inasintha magiya onse mosagunda, ndipo nditaponda moto mwamphamvu pachitunda inatsika giya msanga popanda injini kulira pachabe. Pomaliza makaniko analumikiza kachipangizo kake kowerenga kompyuta ya galimoto, chifukwa ogulitsa ena amazimitsa nyale yochenjeza, ndipo sanapeze cholakwa.

Tinagula imeneyo, ngakhale inali yakale kuposa Vitz ija ndipo imamwa mafuta ochulukirapo. Pa nkhani ya mafutayi ndinene zoona zake. Otomatiki yachikale ya magiya anayi imamwa kuposa manyuwo ya injini yofanana, makamaka m'tauni. CVT yamoyo ndiye imasunga mafuta, imafanana ndi manyuwo kapena kuiposa kumene. M'dziko limene taonapo mizere ya mafuta yogonera pomwepo, zimenezi si zazing'ono, ndipo sindikunena kuti CVT iliyonse ndi yoipa. Imene yangotsika kumene, ya makilomita ochepa, yoti mwini wake aziithira oyilo wake weniweni ndipo aziyenda pa tala, ndi galimoto yabwino ya m'tauni. Ife tinasankha yachikale chifukwa injini ndi giyabokosi za Corolla imeneyi n'zofala, amakaniko ambiri anazizolowera, ndipo yolowa m'malo siisowa ku Limbe.

Kunatsala ulendo wa ku Chikwawa, umene ndi mayeso enieni a otomatiki. Ngozi yaikulu ili potsika. Dalaivala wa manyuwo amadziwa kuti phiri umatsika ndi giya imene ungakwerere, kuti injini izigwira galimoto. Wa otomatiki amaiwala, amangosiya pa `D` n'kumaponda buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mabuleki akatentha kwambiri amafooka, chopondera chimamira, ndipo zimachitikira kumunsi kumene ukuwafunitsitsa. Zilembo zili m'munsi mwa `D` zinaikidwira zimenezi. Pa Corolla yake ndi `2` ndi `L`, pa Vitz ya CVT ndi `S` ndi `B`. Ndinatsika naye kawiri, ndikumuuza kuti, "Ika pa `2` tisanayambe kutsetsereka, injini ikalira usaope, buleki uziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya kuti ipume." Phunziro lomweli ndi la ku Chiweta, la ku Golomoti ndi la potsika phiri la Zomba.

Pokwera, mdani ndi kutentha. Ku chigwa cha Shire mu Okutobala kumatentha kodetsa nkhawa, ndipo galimoto ikabwerako itadzaza matumba a chimanga, mbuzi ndi abale atatu, oyilo wa giyabokosi amatentha kwambiri pokwera phiri. Oyilo ameneyu m'magalimoto ambiri amaziziritsidwa ndi madzi a injini, choncho rediyeta yotsekeka kapena fani yakufa zimapha giyabokosi mwakachetechete. N'chifukwa chake m'nyengo ndi m'misewu yathu ine ndimasintha oyilo wa otomatiki pakati pa makilomita 40,000 ndi 60,000, osadikira kuti ade. Pokhetsa pamatuluka pafupifupi theka lokha, wina amatsalira m'kati, ndiye kusintha kawirikawiri ndi kumene kumathandiza. Katundu wolemera tsiku ndi tsiku ndi ntchito ya manyuwo, makamaka poyerekeza ndi CVT.

M'matope ndi mumchenga manyuwo ili ndi mwayi weniweni. Ukhoza kunyamuka ndi giya yachiwiri kuti matayala asazungulire pachabe, ndipo ukatitimira ukhoza kuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo mpaka itatuluka. Kuchita zimenezi ndi otomatiki, kudumphadumpha pakati pa `D` ndi `R` matayala akuzungulira, ndi njira yachidule yoiphera. Koma ndaonanso kuti m'misewu yambiri ya kumudzi chimene chimaimitsa galimoto yaing'ono si giyabokosi, ndi kufupika kwa mimba yake ndi matayala osalala. Pa makilomita ochepa a kwa mayi ake tinagwirizana zophweka: mvula ikagwa kwambiri, galimoto aziisiya kwa achibale a m'mbali mwa tala n'kumaliza ndi njinga. Madzi oyenda asawoloke, chifukwa giyabokosi ili ndi kabowo kopumira pamwamba pake ndipo madzi akafikapo amalowa.

Pali zinthu ziwiri zimene otomatiki siilola, ndipo munthu wokhala kutali ndi tauni aziganizire bwino. Choyamba, siilira mokankha. Batire ikafooka kapena sitata ikakana, manyuwo umaitana anyamata anayi, kulowetsa giya yachiwiri, n'kuigwejemula, bola batire ikhale ndi kamoto pang'ono. Otomatiki imafuna batire ina kapena mawaya olumikizira ku galimoto ina, ndiye mawayawo azikhala m'galimoto nthawi zonse. Chachiwiri, siikokedwa ndi chingwe mtunda wautali. Pampu ya oyilo wake imayenda ndi injini, motero injini ikazima matayala n'kumazungulira, zitsulo za m'kati zimakhuzana zouma. Galimoto yofera ku Thabwa ndi vuto laling'ono la injini ikhoza kufika ku Blantyre giyabokosi itatha ngati yakokedwa chonchi. Imafunika kunyamulidwa, kapena kukwezedwa matayala akutsogolo, ndipo zimenezo ndi ndalama zina.

N'chifukwa chake mlamu wanga, amene ndi mlangizi wa zaulimi m'dera lina la ku Ntchisi, ndinamulangiza zosiyana kotheratu. Iye mdipiti amauona kamodzi pa mwezi akapita ku Lilongwe. Masiku ena onse ali m'misewu ya fumbi ndi zitunda, atanyamula mbewu ndi feteleza, ndipo makaniko amene ali pafupi naye ali ndi masipanala ndi nzeru koma alibe kachipangizo kowerenga kompyuta. Kwa iye manyuwo ndiyo yoyenera, ngakhale anaisaka miyezi itatu kuti apeze yosatopa. Anthu awiri a banja limodzi, ndalama zofanana, mayankho awiri osiyana, ndipo onse ndi olondola.

Pa za kuphunzira ndili ndi maganizo amodzi okha. Ngakhale amene watsimikiza kugula otomatiki aphunzire ndi kuyesedwa pa manyuwo. Ku South Africa ndi ku Britain, amene wakhoza mayeso pa otomatiki laisensi yake imamuloleza otomatiki yokha, ndipo abale athu ena opita kumeneko ntchito zoyendetsa zimawadutsa pa chifukwa chimenechi. Kunonso magalimoto ambiri a ntchito, mapikapu, malole ndi maambulasi a m'maboma, ndi a manyuwo. Kuchoka pa manyuwo kupita pa otomatiki ndi nkhani ya tsiku limodzi, bola mwendo wamanzere uphunzire kukhala phee, chifukwa ukafuna kilatchi umapeza buleki. Kuchoka pa otomatiki kupita pa manyuwo ndi kuyambiranso sukulu.

Mwana wa mlongo wanga wayenda ndi Corolla ija zaka ziwiri tsopano. Mlungu woyamba tinasintha oyilo wa giyabokosi, iye yekha atakagula zigubu zolembedwa `T-IV` n'kuimirira pomwepo akuthira, ndipo analemba makilomita ake m'kabuku kamene amasunga m'galimoto. Amaima kaye kotheratu asanachoke pa `R` kupita pa `D`. Akaimika pachitunda cha kwawo ku Bangwe amayamba wakoka handibuleki kenako n'kuika pa `P`, kuti kulemera kwa galimoto kusatsamire pa kadzino kakang'ono kamene kamatseka giyabokosi. Ndalama anapatula zija sanazikhudze, ndipo mwezi uliwonse amawonjezerapo pang'ono poti mitengo siima. Ngongole yatsala chaka chimodzi.